Kuthamanga Momvera Mtima

Kwathu kummwera kwa Mzimba kuli anthu ambiri amene amatha kuthamanga makilomita 10 osaima. Ena ndi anyamata a mpira, ena akukonzekera mayeso olowera usilikali kapena upolisi, ena ndi atsikana amene ankaimira sukulu zawo pa mipikisano. Munthu wotere sali pachiyambi, komanso sanafike pokhala katswiri. Chimene ndaona mwa ambiri a ife ndi chakuti liwiro limakwera miyezi yoyambirira, kenako limaima. Munthu amathamanga masiku asanu pa mlungu, amabwerako thukuta lili kamukamu, koma chaka chimatha nthawi yake ya makilomita 10 ili pomwepo.

Kawirikawiri chifukwa chake si ulesi. Munthuyo amathamanga ndi mphamvu yofanana tsiku lililonse, mphamvu yapakatikati. Ndi yokwanira kumutopetsa, koma ndi yochepa kuti imuwonjezere liwiro. Zigawo za kugunda kwa mtima zinapangidwa kuti zithetse vuto limeneli. Zimamuuza wothamanga, mwa manambala, tsiku loti afatse ndi tsiku loti adzipanikize.

Maganizo ake ndi osavuta. Minofu ikamagwira ntchito imafuna mpweya wa okosijeni, ndipo magazi ndiwo amaunyamula. Ntchito ikakula, mtima umagunda mofulumira kuti upope magazi ambiri. Choncho kugunda kwa mtima kumasonyeza mmene thupi likuvutikira, zomwe liwiro palokha silingasonyeze. Kilomita imodzi pa mphindi 6 pamsewu wa thyathyathya m'mawa wa mwezi wa Juni si ntchito yofanana ndi kilomita imodzi pa mphindi 6 pachitunda masana a Okutobala. Wotchi imati n'zofanana, koma mtima umadziwa kusiyana kwake.

Kuti munthu apeze zigawo zake, afunika manambala awiri. Nambala yoyamba ndi kugunda kwa mtima pamene thupi likupuma. Imawerengedwa m'mawa mutangodzuka, musanatsike pabedi. Ikani zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, padzanja m'munsi mwa chala chachikulu, kapena pakhosi pambali pa kholingo. Musagwiritse ntchito chala chachikulu, chifukwa nacho chili ndi mtsempha wake umene ungakusokonezeni. Werengani kwa mphindi yathunthu, ndipo chitani zimenezi masiku asanu. Ine nditawerenga ndinapeza 57, 55, 56, 58 ndi 54. Kuwonkhetsa ndi kugawa ndi 5, nambala yanga inakhala 56.

Nambala yachiwiri ndi malire a mtima, kutanthauza kugunda kofulumira kwambiri kumene mtima wanu ungafike. Ambiri tinaphunzira kuti timachotsa zaka zathu pa 220. Kwa ine wa zaka 20, yankho ndi 200. Mu 2001, Hirofumi Tanaka ndi anzake anafalitsa njira ina: kuchulukitsa zaka ndi 0.7, kenako kuchotsa zotsatirazo pa 208. Njira imeneyi imandipatsa 194. Njira zonse ziwirizi zimanena za munthu wongoyerekeza. Anthu a zaka zofanana amasiyana, ndipo si zachilendo kuti malire enieni a munthu akhale pamwamba kapena pansi pa nambala ya masamuyo ndi kugunda 10, ena mpaka kuposerapo. Malire okwera satanthauza kuti munthu ndi wamphamvu. Amadalira chibadwa ndi zaka, ndipo maseweraseni sawakweza.

Pepani, ndinene molunjika: kwa munthu amene wakhala akuthamanga kwa miyezi yambiri ndipo ali ndi thanzi labwino, kuyeza kumaposa kuyerekeza. Ku Mzimba zitunda sizisowa. Pezani chitunda chimene mungakwere kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Yambani ndi kuthamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 15 kuti thupi litenthe. Kwerani koyamba mwamphamvu koma mosadzimaliza, tsikani mofatsa, kwerani kachiwiri mwamphamvu kuposa poyamba, tsikaninso, ndipo kachitatu perekani zonse, makamaka masekondi 30 omaliza. Mukangofika pamwamba, werengani nthawi yomweyo kwa masekondi 10 n'kuchulukitsa ndi 6. Ine ndinapeza 32, kutanthauza 192. Mlungu wotsatira ndinabwereka lamba wa pachifuwa woyezera mtima, ndipo pachitunda chomwecho anasonyeza 196. Kusiyanaku n'koyembekezeka, chifukwa mtima umayamba kutsika mukangoima, ndiye zala zimapeza nambala yotsikirapo pang'ono.

Manambala awiriwa akapezeka, pamatsala masamu a ku pulayimale. Njira imene ndimagwiritsa ntchito imatchedwa ndi dzina la Martti Karvonen, dokotala wa ku Finland amene anaifotokoza mu 1957. Mumachotsa kugunda kwa popuma pa malire, ndipo chotsalacho ndi mpata umene mtima wanu uli nawo wogwirira ntchito. Kwa ine, 196 kuchotsa 56 ndi 140. Kuti ndipeze maperesenti 70, ndimatenga maperesenti 70 a 140, omwe ndi 98, n'kubwezerapo 56 ija. Yankho ndi 154. Ndikachita chimodzimodzi ndi maperesenti 50, 60, 80 ndi 90, ndimapeza 126, 140, 168 ndi 182. Amenewa ndiwo malire a zigawo zanga zisanu.

Manambala okha sakwanira, choncho ndimawaphatikiza ndi chinthu chimene tonse timachita pamsewu: kupereka moni. Kwathu sungadutse munthu wamkulu ngati mtengo, ndipo mmene moni ukutulukira pakamwa zimandiuza chigawo chimene ndili.

Chigawo choyamba, kuyambira 126 kufika 140 kwa ine, ndi chotenthetsera thupi ndi chopumulira. Munthu angathe ngakhale kuimba. Chigawo chachiwiri, 140 kufika 154, ndicho nsanamira ya zonse. M'chigawo chimenechi ndimatha kupatsa moni agogo, kufunsa za kunyumba ndi kuyankha mafunso awo m'ziganizo zathunthu popanda kubanika. Chigawo chachitatu, 154 kufika 168, moni umafupika: mawu atatu kapena anayi, kenako kupuma. Chigawo chachinayi, 168 kufika 182, pamatuluka liwu limodzi lokha. Chigawo chachisanu, kupitirira 182, ndimangokweza dzanja, ndipo sindingakhalemo kupitirira mphindi zochepa.

Manambalawa ndi anga, ndipo sangabwerekedwe. Mnzanga wina amene timathamanga limodzi pa tchuthi ndi wa zaka zanga zomwe, koma malire ake ndi 184 ndipo popuma mtima wake umagunda 64. Mpata wake ndi 120. Chigawo chake chachiwiri chimathera pa 148, ndipo chachisanu chimayambira pa 172. Tonse tikakhala pa 150, ine ndili m'chigawo chofatsa pamene iye wadutsa kale malire. Tonse tikakhala pa 172, ine ndangolowa kumene m'chigawo chachinayi pamene iye ali pakhomo la chachisanu. Ichi n'chifukwa chake gulu lothamanga ndi liwiro limodzi limapindulira ena n'kumaphwanya ena.

Funso lalikulu ndi lakuti, kodi kuthamanga mofatsa kungamuwonjezere bwanji munthu liwiro? M'chigawo chachiwiri thupi limapeza mpweya wokwanira, ndipo gawo lalikulu la mphamvu limachokera ku mafuta a m'thupi pamodzi ndi shuga. Munthu akamathera maola ambiri m'menemo kwa milungu ndi miyezi, zinthu zingapo zimasintha. Mtima umayamba kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Timitsempha ting'onoting'ono timachuluka m'minofu ya miyendo, kotero kuti mpweya umafika msanga pomwe ukufunika. Minofu nayo imaphunzira kugwiritsa ntchito mpweyawo bwino. Zonsezi zimafuna nthawi yochuluka pamsewu, ndipo nthawi yochulukayo ingatheke pokhapokha ngati kuthamanga kwa lero sikukuwonongerani kwa mawa.

Mukakwera kufika kuchigawo chachinayi, minofu imadalira kwambiri shuga, ndipo m'magazi mumachuluka chinthu chotchedwa lakiteti. Pali mlingo wa liwiro pamene thupi limatha kuchotsa lakiteti mofanana ndi mmene likumupangira. Mukapitirira mlingo umenewo, kupuma kumakula, miyendo imalemera, ndipo posakhalitsa mumakakamizika kuchepetsa liwiro. Wothamanga wozolowera amatha kukhala pafupi ndi mlingowu kwa nthawi yoyandikira ola limodzi pa mpikisano. Kuthamanga m'chigawo chachinayi kumakankhira mlingowu patsogolo, ndipo chigawo chachisanu chimakulitsa kuchuluka kwa mpweya umene thupi lingagwiritse ntchito likafika pamapeto penipeni.

Chigawo chachitatu si choipa. Amene akukonzekera makilomita 21, monga mpikisano wa Be More wa ku Lilongwe, amafunika kuchizolowera, chifukwa mbali ina ya mpikisanowo adzaithamanga m'menemo. Vuto limabwera chikakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku. Chimakoma, chifukwa munthu amamva kuti wagwira ntchito. Koma chimasiya kutopa kumene kumachepetsa makilomita a pa mlungu, ndipo tsiku lodzipanikiza likafika miyendo imakana kukwera kufika kuchigawo chachinayi. Stephen Seiler, wofufuza wa ku yunivesite ya Agder ku Norway, anaphunzira mmene akatswiri a masewera ofuna kupirira amakonzekerera, ndipo anapeza kuti pafupifupi maulendo 8 mwa 10 aliwonse amawachita mofatsa. Anthu amene amatipambana pa mpikisano amathera nthawi yawo yambiri akuthamanga mosadzipanikiza.

Mlungu wanga ndinaukonza potsatira zimenezi, ndipo uli ndi maulendo asanu. Lamlungu m'mawa, thupi litapuma pa Sabata, ndimathamanga ulendo wautali wa mphindi 90, mtima osapitirira 154. Lolemba ndimapuma. Lachiwiri ndi mphindi 45 m'chigawo chachiwiri. Lachitatu ndilo tsiku lolimba. Lachinayi ndi mphindi 40 zofatsa kwambiri, pafupi ndi 140, kuti miyendo ibwerere mwakale. Lachisanu m'mawa ndi mphindi 50 m'chigawo chachiwiri. Maulendo anayi ofatsa, umodzi wolimba.

Tsiku lolimbalo limasinthasintha. Mlungu wina ndimatenthetsa thupi kwa mphindi 15, kenako ndimathamanga mphindi 6 mwamphamvu kanayi, ndipo pakati pake ndimathamanga mofatsa mphindi ziwiri. Cholinga ndi kuti mtima ukhale pakati pa 168 ndi 182. Mlungu wotsatira ndimakwera chitunda kwa mphindi zitatu kasanu, n'kumatsika mofatsa, ndipo kumapeto kwa kukwera kulikonse mtima uyenera kufika pa 182 kapena kupitirira pang'ono. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Mtima umachedwa kutsatira miyendo. Mukayamba mphindi 6 zija, pamatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti nambala ikwere. Wothamanga akaona 155 pa mphindi yoyamba n'kuwonjezera liwiro kuti aifikitse msanga pa 170, amafika pa mphindi yachinayi atatheratu. Yambani ndi liwiro limene mukudziwa kuti mungalisunge kanayi konse, ndipo mtima ukupezani m'njira. Pa chifukwa chomwechi, kuthamanga kwa masekondi 20 kapena 30 sikungayezedwe ndi mtima, chifukwa kumatha mtimawo usanakwere.

Ambiri a ife tilibe lamba wa pachifuwa, koma zala ndi wotchi ya masekondi zimakwanira. Ndinagawa manambala anga ndi 6 kuti ndidziwe zoyenera kupeza pa masekondi 10. Chigawo chachiwiri ndi kugunda 23 mpaka 25. Ndikapeza 26 kapena 27, ndalowa m'chachitatu. Chachinayi ndi 28 mpaka 30. Pa ulendo wofatsa ndimaima kawiri kapena katatu, n'kuwerenga nthawi yomweyo. Kuphonya kugunda kumodzi kumasintha yankho ndi 6, choncho sindidalira kuwerenga kumodzi kokha, ndipo ndimayerekeza ndi mmene ndikulankhulira. Mawotchi oyeza mtima padzanja ndi kuwala, omwe ena amawagula pamsika, nawonso amanama nthawi zina. Akamangidwa molekerera, amatha kuyamba kuwerenga mapazi m'malo mwa mtima. Mungazindikire zimenezi nambala ikadumpha mwadzidzidzi kufika cha m'ma 170 n'kukhazikika pomwepo, inu mukulankhula bwinobwino.

Malo athu nawo amasintha manambala. Boma la Mzimba lili pamtunda wa mamita opitirira 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mukakwera ku Viphya cha ku Luwawa mumapitirira mamita 1,500. M'mphepete mwa nyanja ya Malawi, monga ku Nkhata Bay, simufika n'komwe mamita 500. Mnzanu wochokera kunyanja akabwera kudzacheza, masiku oyamba mtima wake umagunda mofulumirapo pa liwiro limene analizolowera kwawo, chifukwa kumtunda thupi limakoka okosijeni wochepa pa kupuma kulikonse. Iye achepetse liwiro n'kukhala m'chigawo chake kufikira thupi litazolowera.

Zitunda nazo zimayesa kudzichepetsa kwa munthu. Pa tsiku lofatsa, chitunda chimatha kukweza mtima kuchoka pa 148 kufika pa 170 m'mphindi ziwiri. Njira yake ndi kufupikitsa mapazi, ndipo ngati sizikutheka, kuyenda mpaka pamwamba. Ana a m'mudzi adzakusekani kuti mwalephera, koma lolani aseke, mphamvuzo muzisungire Lachitatu.

Kutentha kumachita zake. Pa ulendo wautali, makamaka mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, mtima umakwera pang'onopang'ono ngakhale liwiro lisasinthe. Thukuta limachepetsa madzi m'magazi, ndipo magazi ena amapita kukhungu kukaziziritsa thupi, choncho mtima umagunda kambiri kuti ukwanitse ntchito yomweyo. Ndikayamba pa 146, pofika ola limodzi ndimatha kupezeka pa 154 kapena kupitirira. Kukwera kwa kugunda 5 mpaka 10 kumapeto kwa ulendo wautali si chinthu choopsa. Kukakula kuposa apo, ndimachepetsa liwiro, ndimamwa madzi, ndipo ulendo wotsatira ndimanyamuka dzuwa lisanatuluke.

Nambala ya m'mawa ija ndiyo mlonda wa zonse. Ndikadzuka n'kupeza 64 m'malo mwa 56, masiku awiri otsatizana, ndimadziwa kuti pali china: tulo tochepa pa nthawi ya mayeso, kutopa kosatha, kapena matenda amene akuyamba. Tsiku lolimba ndimalisiya. Kutentha thupi kumakweza mtima ndi kugunda pafupifupi 10 pa digiri iliyonse, ndiye nambala ikakwera pamodzi ndi mutu ndi kuphwanya m'thupi, malo oyenera kupita ndi kokayezetsa malungo, osati pamsewu. Munthu atachira malungo, magazi amatha kukhala ochepa kwa milungu ingapo, ndipo mtima umakwera msanga pa liwiro laling'ono. Zimenezi zimachitikanso kwa atsikana amene magazi awo achepa chifukwa cha kusowa kwa ayironi. Liwiro likatsika popanda chifukwa chooneka, mtima n'kumakwera, kuyezetsa magazi kuchipatala cha boma cha Mzimba kapena cha mishoni cha Embangweni kumathandiza kuposa kuwonjezera makilomita.

Kwa makolo ndi akuluakulu amene akuwerenga, pali zinthu ziwiri zofunika kudziwa. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga atenolo ndi puropuranolo, amachepetsa kugunda kwa mtima, kotero masamu onsewa sagwira ntchito kwa amene akumwa mankhwalawa. Iwo atsatire malangizo a dokotala ndi muyeso wa kulankhula uja. Chachiwiri, kuyesa malire pachitunda si kwa munthu amene akuyamba kumene, amene ali ndi vuto la mtima, kapena amene anayamba wamvapo kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kukomoka pothamanga. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, munthu aime ndipo akaonane ndi dokotala.

Nanga mungadziwe bwanji kuti njirayi ikugwira ntchito? Sankhani msewu umodzi umene mumaudziwa, muuthamange pa nthawi yofanana ya tsiku, mtima uli pa nambala yofanana, kamodzi pa milungu inayi iliyonse. Wanga ndi wa makilomita 8, ndipo ndimausunga mtima pafupi ndi 148. Poyamba unkanditengera mphindi 52. Patatha milungu 12 unanditengera mphindi 48, mtima uli pomwepo. Mphindi zinayi zimenezo zinabwera popanda kudzipanikiza kowonjezera, ndipo ndizo umboni woti mtima ukupopa magazi ambiri pa kugunda kulikonse. Nthawiyo ikapanda kusintha kwa miyezi iwiri kapena itatu, onani kaye ngati masiku ofatsa akufatsadi, kenako onani tulo ndi chakudya.

Milungu itatu kapena inayi yoyambirira ndiyo yovuta, chifukwa liwiro la chigawo chachiwiri limaoneka lochititsa manyazi, ndipo anzanu amene mumathamanga nawo amakusiyani m'mbuyo. Amene akufuna kuyesa ayambe mawa m'mawa ndi zala ziwiri padzanja, alembe nambalayo m'kope masiku asanu, ndipo chitunda achiyendere mlungu wamawa.